Masipika Akamang'ung'uza: Kufufuza Lupu ya Ethi mu Zokuzira Mawu

Zokuzira mawu zimatulutsa maphokoso osafunika a mitundu ingapo, ndipo lililonse lili ndi gwero lakelake. Pali kulira koboola m'khutu kuti tswiii, kumene kumabwera maikolofoni ikayandikira sipika. Pali phokoso lakuti siii ngati mpweya ukutuluka, lochokera m'kati mwa zipangizo voliyumu ikakwezedwa kwambiri. Ndiye pali kung'ung'uza kwa mawu abesi kuti mmmm, kosakwera, kosatsika, kosapuma, kumene kumayamba makina akangoyatsidwa ngakhale palibe amene akuyankhula. Nthawi zina kumabwera ndi kaphokoso kokalakala pamwamba pake kuti zzzz. Kung'ung'uza kotereku kumamveka m'matchalitchi, m'maholo a ukwati, m'masitudiyo ndi m'nyumba momwe, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi chimene amisiri amachitcha lupu ya ethi.

Chovutitsa pa lupu ndi chakuti palibe chipangizo chimene chafa. Mikisa ikayesedwa payokha imagwira bwino, ampulifaya chimodzimodzi, laputopu nayo ilibe mlandu. Phokoso limabadwa zipangizozi zikalumikizidwa. N'chifukwa chake anthu ambiri amawononga ndalama kugula ampulifaya ina kapena kusintha masipika, phokoso n'kukhalabe pomwepo.

Kumene mawu amenewa amachokera

Magetsi a m'nyumba sayenda molunjika mbali imodzi ngati a batire. Amapita n'kubwerera, ndipo ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique, ku South Africa ndi ku Britain amachita zimenezi ka 50 pa sekondi iliyonse, chimene chimalembedwa 50 Hz. Kachidutswa ka magetsi amenewa kakalowerera mu njira ya mawu, sipika imagwedezeka ka 50 pa sekondi, ndipo khutu limamva mawu abesi otsika kwambiri, oyandikana ndi G wa m'munsi pa gitala ya besi. Ku America magetsi ndi a 60 Hz, choncho kumeneko makina amang'ung'uza mokwererapo pang'ono. Makina akamayendera jenereta yaing'ono, kung'ung'uzako kumakwera ndi kutsika potsatira kuthamanga kwa injini, ndipo umenewu ndi umboni wooneka bwino kuti phokosolo ndi la magetsi.

Pamwamba pa 50 Hz pamakhalanso ana ake, monga 100, 150 ndi 250 Hz mpaka kupitirira. Anawa amachuluka m'nyumba momwe muli machaja, makompyuta ndi mababu a LED, chifukwa zinthu zimenezi zimakoka magetsi modukizadukiza. Iwo ndiwo amapanga kukalakala kuja. Sipika yaing'ono siitha n'komwe kutulutsa 50 Hz, kotero pa iyo pamamveka anawo okha.

Funso ndi lakuti magetsiwa amalowa bwanji mu njira ya mawu. Yankho lagona pa waya wachitatu wa pulagi. Pulagi ya mano atatu ili ndi waya wamoto, wofiirira mwa khofi kapena wofiira m'nyumba zakale, waya wobwerera, wabuluu kapena wakuda, ndi waya wa ethi, wobiriwira ndi chikasu, amene amapita ku dzino lalitali. Waya wa ethi amalumikizidwa ku chitsulo chakunja cha chipangizo. Ntchito yake ndi kuteteza moyo: waya wamoto akakhudza chitsulocho m'kati, karenti yambiri imathamangira mu ethi, fyuzi imapsa kapena buleka imagwa, munthu asanagwidwe.

Nayonso nthambo yonyamula mawu ili ndi njira yake yolumikiza zitsulo za zipangizo. Munthu akasenda nthambo ya jeki kapena ya RCA amapeza waya mmodzi pakati, atakutidwa ndi ukonde wa timawaya tating'ono. Ukondewu umatchinga phokoso lochokera kunja, ndipo kumapeto konse kuwiri umagwira chitsulo cha chipangizo. Tsono mikisa ndi ampulifaya zikakhala ndi pulagi ya mano atatu iliyonse, zimakhala zalumikizidwa kawiri: kudzera mu ukonde wa nthambo ya mawu, komanso kudzera mu mawaya a ethi a m'khoma amene amakakumana ku bokosi la mabuleka. Njira ziwirizi zimapanga mkombero wotsekeka. Mkomberowu ndiye lupu.

Mkombero pawokha sukadavuta kukanakhala kuti ethi ya soketi iliyonse ndi yofanana ndendende. Koma sizili choncho. M'paipi ya m'khoma, waya wa ethi amayenda pafupi ndi mawaya onyamula karenti ya firiji, ketulo ndi magetsi owunikira, ndipo mphamvu ya maginito yozungulira mawayawo imabala timavolti tochepa mwa iye. Zipangizo zambiri zimadonthezanso karenti pang'ono mu ethi kudzera mu zosefera phokoso za m'kati mwake. Mapeto ake, ethi ya soketi ya kutsogolo kwa holo imasiyana ndi ya kumbuyo ndi mamilivolti angapo, nthawi zina mazana angapo. Milivolti ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a volti, ndipo kusiyana kotere sikungavulaze munthu. Koma mkombero wa mawaya a kopa sukaniza karenti kwenikweni, choncho ngakhale kusiyana kochepako kumayendetsa karenti mozungulira, ndipo gawo lina la ulendo wake ndi ukonde wa nthambo ya mawu.

Apa ndi pamene phokoso limalowera. Mu nthambo wamba ya waya mmodzi, ukonde uli ndi ntchito ziwiri: kutchinga, komanso kukhala poyambira kuyeza siginolo ya mawu. Zili ngati amisiri awiri oyeza kutalika kwa khoma limodzi, wina ataima pa chulu, wina m'chigwa. Aliyense akuyeza kuchokera pansi, koma pansi pawo n'posiyana. Mikisa imatumiza siginolo poyerekeza ndi chitsulo chake, ampulifaya imailandira poyerekeza ndi chitsulo chakenso, ndipo kusiyana kwa zitsulo ziwirizo kumawerengedwa ngati mbali ya nyimbo. Ampulifaya ilibe njira yosiyanitsira, imangokweza zonse pamodzi.

Manambala ake ndi odabwitsa kuchepa. Ukonde wa nthambo yotsika mtengo ya mamita 20 ukhoza kukaniza ndi theka la omu. Mukadutsa karenti ya mamiliampu 4, pakati pa nsonga zake ziwiri pamabadwa mamilivolti 2. Siginolo ya zipangizo za m'nyumba monga dikoda kapena wailesi ya madisiki imakhala cha pa mamilivolti 316. Ndiye kuti phokoso ndi gawo limodzi mwa magawo 158 a siginolo. Kwaya ikamaimba mwina silimveka, koma mlaliki akangopuma kuti ameze malovu, holo yonse imalimva. Laputopu ikakhala kuti voliyumu yake yatsitsidwa, woyendetsa mikisa amakweza tchanelo kuti mawu amveke, ndipo potero amakwezanso kung'ung'uzako.

Kutsimikiza kaye kuti ndi lupu

Si kung'ung'uza konse kumene kuli kwa lupu, ndipo mphindi zochepa zomvetsera zimapulumutsa tsiku lathunthu. Ampulifaya imene ikung'ung'uza payokha, nthambo zonse zolowetsa mawu zitazulidwa, ili ndi vuto lake m'kati. Kawirikawiri amakhala makapasita akuluakulu osefa magetsi amene akalamba, ndipo phokoso lawo limatsamira pa 100 Hz. Pulogalamu ya pa foni yoonetsa magawo a mawu imathandiza kuona zimenezi. Nthawi zina phokoso silichokera n'komwe mu sipika koma mu thiransifoma ya ampulifaya imene ikunjenjemera m'bokosi mwake; kuika khutu pafupi n'kokwanira kudziwa.

Phokoso losintha munthu akasuntha nthambo kapena akatembenuza gitala limakhala lotoledwa mumlengalenga kuchokera ku thiransifoma, chaja kapena nthambo ya magetsi yoyandikana. Kukalakala kumene kumachepa munthu akagwira chitsulo cha chipangizo kumasonyeza kuti ethi ikusowa kapena ukonde waduka penapake, zimene ndi zosiyana kotheratu ndi lupu. Lupu yeniyeni siisamala kuti nthambo yagwedezeka. Imayamba nthambo inayake ikalowetsedwa, imaleka ikazulidwa, ndipo nthawi zambiri imakula chinthu chokoka magetsi ambiri chikayatsidwa kwinakwake m'nyumbamo.

Makonobu a voliyumu nawonso amaloza njira. Konobu imatsitsa zokhazo zimene zalowa kumbuyo kwake. Ngati kutsitsa tchanelo imodzi pa mikisa kukuthetsa phokoso, ndiye kuti likulowera pa chipangizo kapena nthambo ya tchanelo imeneyo. Ngati voliyumu yaikulu ya mikisa yatsitsidwa mpaka pansi koma phokoso lilipobe, ndiye kuti likulowera kutsogolo kwake, pakati pa mikisa ndi ampulifaya.

Kufufuza kwake, mwa chitsanzo

Chitsanzo chothandiza ndi cha holo yopemphereramo yokonzedwa monga mmene ambiri amakonzera. Ampulifaya ili kutsogolo pafupi ndi guwa, pa soketi ya khoma lakumeneko. Mikisa ili kumbuyo, mamita 25 kuchokera kutsogolo, pa ekisitenshoni ya soketi ina, ndipo ziwirizi zalumikizidwa ndi nthambo wamba ya jeki. Pa tebulo la mikisa pali laputopu imene imatumiza nyimbo ku mikisa kudzera pa kabowo ka mahedifoni. Laputopu yomweyo imatumiza mawu a nyimbo ku pulojekita ya kudenga pa nthambo ya HDMI, ndipo pulojekitayo ili ndi soketi yakeyake kudengako. Palinso maikolofoni anayi a nthambo za XLR. Masipika akung'ung'uza.

Ntchito imayamba ndi pepala ndi cholembera, osati ndi sikuludiraiva. Wofufuza amajambula kabokosi ka chipangizo chilichonse, n'kulemba mzere pa nthambo iliyonse yolumikiza, ngakhale imene siinyamula mawu: HDMI, USB, nthambo ya dishi kapena eliyo, zonse zili ndi ukonde wogwira chitsulo. Kenaka amaonjezera mzere wopita pansi pa chipangizo chilichonse chimene pulagi yake ili ndi ethi yeniyeni. Zipangizo zokhala ndi chizindikiro cha kabokosi m'kati mwa kabokosi kanzake zilibe ethi, ngakhale pulagi yake itakhala ya mano atatu, ndipo nthawi zambiri dzino lalitalilo limakhala la pulasitiki. Paliponse pamene chala chingatsatire mizere n'kubwerera pomwe chinayambira osadutsanso mzere womwewo, pali lupu. Maikolofoni sangapange lupu chifukwa alumikizidwa mbali imodzi yokha. Kumapeto kwawo kuli dzanja la munthu basi.

Chachiwiri ndi kuyesa makonobu. M'holo imeneyi, tchanelo ya laputopu ikatsitsidwa kukalakala kwakukulu kumatha, koma pamatsala kung'ung'uza kwapansipansi kumene sikuchoka ngakhale voliyumu yaikulu itatsitsidwa. Izi zikusonyeza kuti mavuto ndi awiri. Malupu awiri amasokoneza munthu, chifukwa akachotsa imodzi n'kumva kuti phokoso likadalipo, amaganiza kuti analakwitsa n'kubwezeretsa nthamboyo.

N'chifukwa chake njira yodalirika si kuzula nthambo imodziimodzi pa makina odzaza, koma kuzula zonse n'kuyamba kumanganso kuchokera ku masipika kubwerera m'mbuyo. Ampulifaya imazimitsidwa kaye nthawi iliyonse nthambo isanazulidwe kapena kulowetsedwa, popeza kuphulika kumene kumamveka jeki ikamalowa kungathe kuotcha sipika. Poyamba imayatsidwa ili ndi masipika okha, ndipo m'chitsanzochi ili zii. Kenaka nthambo yaitali ija imalowetsedwa ku ampulifaya ndi ku mikisa, mikisayo ilibe china chilichonse cholumikizidwa, voliyumu yake ili pansi. Kung'ung'uza kwapansipansi kuja kwabwera. Mikisa ikazimitsidwa pa batani lake, kukadalipo.

Pamenepa pali msampha umene umakola ambiri. Kuzimitsa chipangizo, kapena kuzimitsa siwichi ya pa soketi, sikudula ethi. Siwichi imadula waya wamoto, koma dzino lalitali limakhalabe logwira, ndipo lupu imakhalabe yotsekeka. Choncho munthu amene wazimitsa pulojekita n'kumva kuti phokoso silinasinthe sanatsimikize chilichonse. Kuyesa koona ndi kuzula pulagi yonse pa khoma. Pulagi ya mikisa ikazulidwa, kung'ung'uza kuja kumatha kapena kusintha kwambiri. Umboni womaliza ndi kukoka ekisitenshoni yaitali ya mawaya atatu kuchokera pa soketi ya ampulifaya kukafika ku mikisa. Phokoso likatsika kwambiri mikisa ili yoyaka, lupu yoyamba yapezeka: ampulifaya, ukonde wa nthambo ya jeki, mikisa, ethi ya khoma lakumbuyo, bokosi la mabuleka, ethi ya khoma lakutsogolo, n'kubwerera ku ampulifaya.

Ekisitenshoniyo imasiyidwa pomwepo kuti lupu yoyamba isasokoneze kufufuza yachiwiri. Maikolofoni amabwezeretsedwa mmodzimmodzi, ndipo palibe chosintha. Laputopu imalumikizidwa ku mikisa ili pa batire, yopanda chaja, yopanda HDMI: zii. Chaja chikalowetsedwa pa ekisitenshoni ya mikisa, mwina pamamveka kaphokoso kochepa. HDMI ikangolowa, kukalakala kwakukulu kuja kwabwerera. Pulagi ya pulojekita ikazulidwa kudenga, kwatha. Lupu yachiwiri ndi imeneyo, ndipo ikudutsa mu nthambo ya zithunzi imene palibe akanaiganizira pa nkhani ya mawu. Anthu ambiri akafika pa laputopu amangozula chaja, akamva kuti phokoso silinathe amaweruza kuti laputopu ndi yoonongeka.

Chipangizo chimene chabweretsa phokoso polumikizidwa sichikhala cholakwa kwenikweni. Chimangokhala chomaliza kutseka mkombero. Kukanakhala kuti HDMI inalowa poyamba, nthambo ya mahedifoni ndiyo ikanaoneka ngati yoyambitsa. Chimene kufufuza kumapeza ndi mkombero wonse, ndipo wofufuza ndiye amasankha malo oyenera kuudulira.

Mita yoyezera magetsi imathandiza, koma mosamala. Ikaikidwa pa AC pakati pa zitsulo za zipangizo ziwiri nthambo ya mawu itazulidwa, ikhoza kuonetsa mamilivolti angapo, zimene zimagwirizana ndi lupu. Ikaonetsa mavolti makumi angapo kapena kupitirira 100, nkhani yasintha: chimodzi mwa zipangizozo chilibe ethi. Chaja cha mano awiri chimatha kuonetsa pafupifupi theka la mavolti 230 pa mita popanda ngozi, chifukwa karenti yake ndi yochepetsetsa, koma chipangizo chachitsulo chimene chimayenera kukhala ndi ethi chikaonetsa zotere, soketi kapena ekisitenshoni yake ndi yoopsa. Maikolofoni yoluma milomo ndi chenjezo lomwelo. Zikatero makina amazimitsidwa ndipo aitanidwe wamagetsi wovomerezeka.

Pamene sipayenera kudulidwa

Mkombero uli ndi mbali ziwiri, ya ethi ndi ya nthambo ya mawu, ndipo kudula iliyonse kumathetsa phokoso. Ichi ndicho chimanyenga. Munthu amathyola dzino lalitali la pulagi, kapena kumasula waya wobiriwira m'kati mwake, kapena kupisa mawaya awiri okha mu soketi, phokoso n'kutheratu, onse n'kumutama. Koma chimene wachita ndi kuchotsa chitetezo. Tsiku limene waya wamoto adzakhudze chitsulo cha ampulifaya imeneyo, fyuzi siidzapsa msanga. Mavolti 230 adzafunafuna njira ina kudzera mu ukonde wa nthambo za mawu, umene ndi wochepa kwambiri moti ungathe kupsa, ndipo adzafika pa chitsulo cha maikolofoni ndi zingwe za gitala. Karenti ya mamiliampu makumi ochepa yodutsa pachifuwa ingathe kuimitsa mtima, n'chifukwa chake mabuleka oteteza anthu amapangidwa kuti azigwa pa mamiliampu 30. Mu 1972, woimba gitala wa gulu la Stone the Crows, Leslie Harvey, anafera pa siteji ku Swansea atagwira maikolofoni imene inali ndi magetsi. Palibe kung'ung'uza kumene kungalungamitse kuchotsa ethi, ngakhale kwa tsiku limodzi la ukwati.

Kukhomera chitsulo china pansi kuti zokuzira mawu zikhale ndi ethi yawoyawo nakonso si mankhwala. Dothi limakaniza karenti kwambiri kuposa waya, choncho chitsulo chodziimira pachokha sichingadaliridwe kugwetsa buleka wamba pa nthawi ya ngozi, ndipo chikalumikizidwa ndi ethi ya nyumba kudzera mu nthambo za mawu chimangotsegula mkombero wina waukulu. Zotetezera ku kukwera kwa magetsi ndi masitabilaiza ali ndi ntchito zawo, koma ethi imadutsa mwa izo molunjika, kotero lupu siziikhudza. Kudula mabesi pa mikisa kumabisa 50 Hz n'kusiya ana ake onse, kwinaku kukuonda mawu a kiyibodi ndi ng'oma.

Pamene payenera kudulidwa

Njira yosafuna ndalama zambiri ndi imene yaoneka kale: zipangizo zonse zolumikizana zidye pa soketi imodzi. Mkombero umakhalapobe koma umafupika, ndipo kusiyana kwa ma ethi kumatsika. Malire ake ndi fyuzi ya maampu 13 ya mu pulagi, imene pa mavolti 230 imalola pafupifupi mawati 3,000. Mikisa, laputopu, pulojekita ndi ampulifaya imodzi yapakatikati zimakwana bwino, koma maampulifaya akuluakulu angapo ndi magetsi a pa siteji sizingatheke. Ekisitenshoniyo iyenera kukhala ndi mawaya atatu enieni, chifukwa zina zotsika mtengo zili ndi mabowo atatu koma mawaya awiri m'kati, ndipo zoterozo zimathetsa phokoso mwa njira yoopsa ija.

Pa lupu yoyamba, mankhwala okhalitsa ndi nthambo ya balansi. Nthamboyi ili ndi mawaya awiri opotana m'kati mwa ukonde, ndipo imathera ndi XLR ya mapini atatu kapena jeki ya mizere iwiri yakuda. Jeki wamba ili ndi mzere umodzi. Pa XLR, pini 1 ndi ya ukonde, pini 2 ndi 3 ndi za siginolo. Ampulifaya imayeza kusiyana kwa mawaya awiriwo okha, osati kusiyana kwawo ndi chitsulo. Phokoso la lupu limagwera mawaya onse awiri mofanana, choncho pochotsera limadzifafaniza lokha. Izi zimatheka pokhapokha mabowo a mbali zonse ziwiri ali a balansi. Nthambo ya XLR yomangiriridwa pa bowo la RCA ndi adaputala imakhala nthambo wamba basi. Nthambo wamba ndi bwino isapitirire mamita ochepa, atatu kapena asanu.

Nthawi zina makina a balansi amang'ung'uzabe. Katswiri wina, Neil Muncy, anafotokoza chifukwa chake mu 1995 m'magazini ya bungwe la Audio Engineering Society: opanga ena amalumikiza pini 1 ku njira za siginolo za m'kati m'malo moilumikiza ku chitsulo chakunja pomwe yalowera, ndiye karenti ya ukonde imadutsa pakati pa zipangizo zofewa. Bungwelo linatulutsa muyezo wa AES48 mu 2005 pofuna kukonza zimenezi, koma zipangizo zakale ndi zotsika mtengo zambiri zikadali nalo vutoli. Pa nthambo ya pakati pa mikisa ndi ampulifaya, mmisiri angathe kumasula ukonde pa pini 1 kumbali yolandira, ethi za mapulagi zili zogwira, n'kuika chizindikiro pa nthamboyo kuti isasokonezedwe ndi zina. Pa nthambo ya maikolofoni sizichitika, chifukwa ukonde ndiwo chitetezo chake chokha ku phokoso, komanso ndi njira yobwerera ya mavolti 48 amene mikisa imatumiza ku maikolofoni ena.

Pa lupu yachiwiri, bowo la mahedifoni la laputopu si la balansi ndipo silingasinthidwe. Apa pamafunika thiransifoma yaing'ono ya mawu, imene imapezeka m'kabokosi ka DI kosafuna batire, kapena m'tizipangizo togulitsidwa ngati tolekanitsa lupu. M'kati mwake muli makoyilo awiri osakhudzana. Mawu amaoloka kudzera mu maginito, koma karenti ya mkombero ilibe podutsa. Kabokosi ka DI kamaikidwa pafupi ndi laputopu ndi nthambo yaifupi, kenaka XLR kupita ku mikisa, ndipo batani lolembedwa `GND LIFT` limakanikizidwa. Batani limeneli limadula ukonde wa nthambo ya mawu yokha, silikhudza ethi ya pulagi, choncho ndi lotetezeka. Kiyibodi yokhala kutsogolo imalumikizidwa mwa njira yomweyi. Mathiransifoma otsika mtengo kwambiri amaipitsa mabesi siginolo ikakhala yamphamvu, ndipo akagona pamwamba pa ampulifaya kapena pafupi ndi chaja amatola kung'ung'uza kwatsopano kuchokera ku maginito a zinthuzo. Kuwasuntha dzanja limodzi kapena kuwatembenuza kumathandiza.

M'nyumba, mkombero umakonda kudzera pa nthambo ya dishi kapena eliyo, imene ukonde wake umakhudza chitsulo chakunja kapena ethi ina, n'kupita ku dikoda, ku kanema, mpaka ku ampulifaya. Kuzula nthamboyo kumbuyo kwa dikoda kwa kamphindi kumasonyeza ngati ndi yomweyo. Pa eliyo wamba pali kolekanitsa kake kolowetsa pa nthambo. Pa dishi kolekanitsa koteroko sikagwira, popeza dikoda imatumiza mavolti 13 kapena 18 kudzera mu nthambo yomweyo kukayendetsa kachipangizo ka kutsogolo kwa dishi. Kumeneko lupu imadulidwira ku mbali ya mawu, ndi thiransifoma pa nthambo ya RCA, kapena ndi nthambo ya kuwala yolowa pa bowo lolembedwa `OPTICAL` ngati kanema ndi ampulifaya zonse zili nalo. Nthambo ya kuwala ilibe chitsulo m'kati, kotero karenti ilibe njira yoyendamo.